Adiresi Imodzi, Zipangizo Zambirimbiri: Zimene Rauta Imachita Mobisa

Aliyense amene amagwiritsa ntchito intaneti ya kunyumba kapena ya ku ofesi atha kuyesa kanthu aka. Pa laputopu ya Windows atsegule kawindo kakuda kolembamo malamulo, alembe `ipconfig`, ndiye ayang'ane pamene palembedwa `IPv4 Address`. Kawirikawiri apeza nambala yonga 192.168.1.10. Akayang'ana pa foni imene ili pa rauta yomweyo apeza ina yosiyana pang'ono, mwina 192.168.1.11. Koma akatsegula pa zipangizo ziwirizi tsamba lililonse la pa intaneti limene limauza munthu adiresi yake, zonse zionetsa nambala imodzi yofanana, ndipo nambalayo siifanana n'komwe ndi ziwiri zoyamba zija.

Palibe chimene chawonongeka. Imeneyi ndi ntchito ya njira yosinthira maadiresi yotchedwa NAT, imene ili mu rauta ya kunyumba, mu kachipangizo ka MiFi koyenda nako m'thumba, ngakhalenso mu foni imene ikugawira anzake intaneti. Timakina tambiri ta MiFi ta Huawei timadzipatsa adiresi ya 192.168.8.1, ndipo foni ya iPhone ikamagawa intaneti imapatsa zipangizo zolumikizidwa manambala oyamba ndi 172.20.10. Manambala onsewa ndi a m'nyumba mokha. Kunja kulibe amene amawaona.

Njirayi ndi imene yachititsa kuti intaneti ipitirire kukula ngakhale kuti maadiresi ake anatha kalekale. Ndi yomweyonso imene imachititsa kuti kamera ya pashopu ikane kuoneka pa foni, mawu a pafoni ya pa intaneti achedwe, kapena tsamba lina likanize munthu wosalakwa kulowa. Ubwino ndi mavuto onsewa amachokera pamalo amodzi: kaundula wamng'ono amene rauta imasunga.

Manambala anachepa

Chipangizo chilichonse chimene chikufuna kulankhula pa intaneti chimafunika adiresi, kuti yankho lidziwe kobwerera. Dongosolo la maadiresi limene ambiri akugwiritsabe ntchito, lotchedwa IPv4, linalembedwa mu 1981. Adiresi yake imakhala ndi zigawo zinayi, chilichonse kuyambira 0 mpaka 255, ndipo maadiresi onse otheka alipo 4,294,967,296. M'masiku amenewo makompyuta olumikizana anali a m'mayunivesite ndi m'malo ofufuzira, choncho nambala imeneyi inkaoneka yosatha. Lero anthu padziko apitirira 8 biliyoni, ndipo ambiri ali ndi zipangizo ziwiri kapena zitatu.

Akatswiri anaona vutoli likubwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu Meyi 1994, Kjeld Egevang ndi Paul Francis anafotokoza NAT m'chikalata cha RFC 1631, ndipo iwo eni ankaiona ngati njira yongoyembekezera, pamene yankho lokhalitsa likukonzedwa. Mu 1996 chikalata china, RFC 1918, chinapatula magulu atatu a maadiresi kuti aliyense aziwagwiritsa ntchito mkati mwa nyumba kapena kampani yake popanda kupempha kwa wina: oyamba ndi 10, oyambira pa 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Lamulo lake ndi limodzi lokha, lakuti maadiresi amenewa asatuluke pa intaneti ya onse. N'chifukwa chake 192.168.1.10 ilipo m'nyumba mamiliyoni ambiri nthawi imodzi, ku Zomba, ku Chipata ndi ku Tokyo, popanda kusokonezana.

Pa 3 Febuluwale 2011, bungwe la IANA, limene limasunga nkhokwe yaikulu ya maadiresi, linagawa magulu asanu omaliza kwa mabungwe asanu a m'zigawo za dziko. Limodzi mwa iwo ndi AFRINIC, la ku Africa, limene likulu lake lili ku Mauritius. Kuchokera pamenepo chigawo chilichonse chakhala chikutapa zotsalira zake mosinira, ndipo m'madera ambiri maadiresi a IPv4 tsopano amagulidwa ndi ndalama kwa amene ali nawo otsala.

Kaundula wa mu rauta

Anthu amene anakulira kumudzi amakumbukira mmene mudzi wonse unkalandirira makalata kudzera pa bokosi la ku positi la sukulu kapena la tchalitchi. Ku positi ofesi ankadziwa bokosi limodzi lokha, ndipo kugawa makalata kwa eni ake inali ntchito ya aphunzitsi aakulu. Rauta imagwira ntchito yofanana ndi imeneyo, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Kalata ya pa intaneti ikamabwera kuchokera kunja sikhala ndi dzina la mwini wake. Rauta imadziwa woti imupatse pokhapokha ngati inalemba m'kaundula pamene kalata yoyamba inkatuluka.

Chimene chimathandiza polemba ndi nambala yachiwiri yotchedwa poti. Uthenga wa pa intaneti umayenda m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo kaphukusi kalikonse kamanyamula zinthu zinayi: adiresi ndi poti ya kumene kakuchokera, komanso adiresi ndi poti ya kumene kakupita. Mapoti alipo 65,536, kuyambira 0 mpaka 65535. Ena ndi odziwika: masamba otetezedwa, amene adiresi yawo imayamba ndi `https`, amamvera pa poti 443. Koma poti ya wotumiza imangosankhidwa ndi chipangizo chake pa nthawiyo, kawirikawiri pakati pa manambala akuluakulu.

Tiyerekeze shopu yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Kampani ya intaneti yapatsa rauta ya pashopupo adiresi imodzi ya kunja, 203.0.113.7. Nambala imeneyi, pamodzi ndi ya seva imene ikubwerayi, ndi ya m'magulu amene anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito pa zitsanzo zokha. Mkati muli laputopu ya wowerengera ndalama pa 192.168.1.10 ndi foni ya mwini shopu pa 192.168.1.11. Onse awiri atsegula tsamba la banki limodzi, limene seva yake ili pa 198.51.100.20, ndipo mwangozi zipangizo zonse ziwiri zasankha poti 51000.

Kaphukusi ka laputopu kakafika pa rauta, rauta imafufuta 192.168.1.10 pamalo a wotumiza n'kulembapo 203.0.113.7. Imawerengeranso kanambala kotsimikizira kuti kaphukusi sikanawonongeke panjira, chifukwa kakale kaja sikakugwirizananso ndi zimene zalembedwa tsopano. Kenako imalemba mzere m'kaundula ndi kukatumiza. Ka foni kakafika, rauta imaona kuti poti 51000 yatengedwa kale, ndiye imasintha adiresi ndi poti yomwe. Kaundula amaoneka motere:

```
192.168.1.10:51000  ->  203.0.113.7:51000  ->  198.51.100.20:443
192.168.1.11:51000  ->  203.0.113.7:51001  ->  198.51.100.20:443
```

Ku banki kukuoneka ngati kompyuta imodzi yatsegula makambirano awiri. Seva imayankha onse awiri pa 203.0.113.7, lina pa poti 51000, lina pa 51001. Rauta ikalandira yankho la pa 51001 imayang'ana m'kaundula, imapeza mzere wachiwiri, imabwezeretsa 192.168.1.11 ndi poti 51000, n'kupereka kwa foni. Foniyo siidziwa kuti kaphukusi kake kanasinthidwa popita ndi pobwera. Zimenezi zimachitika pa kaphukusi kalikonse, kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti mzere umalembedwa pamene chipangizo cha mkati chayamba kulankhula. Pa kuwerenga nkhani, kuonera kanema kapena kutumiza imelo, zimenezi sizivuta, chifukwa nthawi zonse woyamba ndi wa mkati. Mavuto amayamba pamene woyamba ali kunja.

Wogogoda kuchokera kunja

Mwini shopu uja wagula makamera anayi ndi bokosi lojambulira, limene lapatsidwa adiresi ya 192.168.1.50 ndipo limamvera pa poti 8000. Ali pashopu zithunzi zimaoneka bwino pa foni yake. Madzulo ali kunyumba akuyesa kulumikiza pa 203.0.113.7, poti 8000, koma pulogalamu ikungozungulira mpaka kulephera. Kaphukusi kake kafika ndithu pa rauta ya pashopu. Rauta yafufuza m'kaundula, sinapeze mzere wa poti 8000, ndipo popeza siingalote kuti kaphukusiko ndi ka laputopu, ka foni kapena ka bokosi la makamera, yangokataya.

Mankhwala ake ndi kulemba mzerewo ndi dzanja, kuti ukhale wosafufutika. M'masamba oyendetsera rauta muli malo otchedwa `Port Forwarding`, ndipo pa marauta ena amatchedwa `Virtual Server`. Pamenepo katswiri amalemba kuti chilichonse chofika pa poti 8000 ya kunja chipite ku 192.168.1.50, poti 8000. Zikatero zithunzi zimafika kunyumba.

Pakapita masabata angapo zithunzi zija zimatha kusowanso, nthawi zambiri magetsi akazima n'kuyakanso. Chifukwa chake n'chakuti rauta imangobwereketsa maadiresi a mkati, ndipo zipangizo zikayaka pamodzi bokosi la makamera litha kupatsidwa nambala ina, monga 192.168.1.12. Mzere wolembedwa ndi dzanja uja ukulozabe ku 192.168.1.50, kumene tsopano kulibe kanthu. Chizindikiro chake n'chosavuta: pashopu makamera akuoneka, kunja sakuoneka, ndipo pamndandanda wa zipangizo mu rauta bokosilo lili ndi nambala yachilendo. Katswiri wosamala amatseka mpata umenewu pa tsiku loyamba, pouza rauta kuti bokosilo izilipatsa nambala yomweyo nthawi zonse.

Pali chinanso choyenera kunenedwa mosapsatira. Poti yotsegulidwa motere ndi yotsegukira dziko lonse, osati mwini shopu yekha. Pa intaneti pali makompyuta amene usana ndi usiku amangoyesa maadiresi ndi mapoti kufunafuna makamera amene mawu ake achinsinsi ndi omwe aja anabwera nawo kuchokera ku fakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera, mabokosi ojambulira ndi marauta ochuluka kwambiri poyesa mawu achinsinsi a ku fakitale. Anthu ambiri amaganiza kuti NAT ndi mlonda. Zoona zake n'zakuti imataya alendo chifukwa chosadziwa kowapititsa, ndipo ikangouzidwa kowapititsa imalowetsa aliyense osafunsa.

Kaundula pamwamba pa kaundula

Tsopano mwini shopu wasiya intaneti ya waya n'kugula rauta yolowetsa simu khadi. Katswiri walembanso mzere wa poti 8000 bwinobwino, nambala ya bokosi ili yokhazikika, koma makamera akukana kuoneka. Akatsegula tsamba loyamba la rauta, pamene palembedwa `WAN IP` akupeza 100.72.14.9. Akafunsa tsamba lonena adiresi, likumuuza nambala ina yosiyaniratu.

Kusiyana kumeneku ndi umboni wakuti rauta ya pashopu ilibe adiresi yakeyake ya kunja. Kampani ya intaneti nayonso ili ndi maadiresi ochepa, choncho yaika makasitomala ake ambiri kuseri kwa makina aakulu osinthira maadiresi, njira yotchedwa CGNAT. Mu 2012 chikalata cha RFC 6598 chinapatula maadiresi oyambira pa 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255 kuti azigwira ntchito imeneyi, ngakhale makampani ena amagwiritsa ntchito oyamba ndi 10. Makampani a mafoni a m'manja padziko lonse amadalira kwambiri njirayi, ndipo Starlink, imene inayamba kupezeka ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, imaikanso makasitomala ake wamba kuseri kwa CGNAT.

Apa kaphukusi ka laputopu kamasinthidwa kawiri: kuchoka pa 192.168.1.10 kukhala 100.72.14.9 mu rauta ya pashopu, kenako kukhala adiresi yeniyeni ya kunja m'makina a kampani. Makaundula alipo awiri, ndipo mwini shopu ali ndi mphamvu pa mmodzi yekha. Mlendo wochokera kunja amatayidwa pa kaundula wa kampani, asanayandikire n'komwe pashopu. Katswiri akhoza kutha tsiku lonse akusintha za mu rauta popanda phindu, pamene kuyerekeza manambala awiri aja kukanamuuza zoona m'mphindi imodzi.

Njira zotulukira zilipo zingapo. Makampani ena amagulitsa adiresi ya kunja yokhazikika pa mtengo wowonjezera. Njira ina ndi kutembenuza woyamba kulankhula: chipangizo cha pashopu chimalumikiza chokha ku seva ya kunja n'kusunga mzere wake wamoyo, ndipo mwini shopu amakumana nacho pa sevayo. Umu ndi mmene makamera amakono ongofuna kujambula kachizindikiro ka QR amagwirira ntchito. Amatheka mosavuta, koma mwini wake azidziwa kuti akudalira seva ya kampani yopanga makamerayo, ndipo sevayo ikadzatsekedwa njira imeneyi idzatha nayo.

Vuto lofananalo munthu atha kulipanga yekha m'nyumba. Akagula rauta yachiwiri kuti intaneti ifike kuchipinda chakutali, n'kuilumikiza ku yoyamba kudzera pa bowo la `WAN`, wapanga makaundula awiri. Pirinta imene ili pa rauta yachiwiri siioneka kwa kompyuta ya pa rauta yoyamba. Kukonza kwake ndi kuika rauta yachiwiriyo pa `Access Point`, kuti izingofalitsa intaneti osasintha maadiresi.

Mzere umafufutika

Kaundula sangakule mpaka kalekale, choncho rauta imafufuta mizere imene yakhala chete. Nthawi yodikira imadalira mtundu wa makambirano. A mtundu wa TCP, amene amanyamula zinthu monga imelo ndi masamba ambiri, ali ndi chiyambi ndi mathero oonekera, ndipo malangizo a akatswiri amati mzere wawo usafufutidwe asanathe maola 2 ndi mphindi 4 ali chete. A mtundu wa UDP, amene amanyamula mawu ndi masewera, alibe chizindikiro cha mathero, ndipo malangizo amati adikiridwe mphindi 2 kapena kuposera apo. Si zipangizo zonse zimene zimatsata malangizowa. Zina zimafufuta mzere wa UDP pakangotha masekondi 30.

Mzere ukafufutidwa palibe amene amauzidwa. Chipangizo cha mkati chimaganiza kuti njira ikadalipo, seva ya kunja nayonso imaganiza chimodzimodzi, koma chilichonse chimene seva ingatumize chimatayidwa pa rauta. Chizindikiro chake n'chodziwika kwa ogwira ntchito m'maofesi: pulogalamu yolumikizana ndi likulu imagwira bwino ntchito pamene munthu akulemba, koma akapita kukadya nkhomaliro n'kubwerera amapeza yauma, mpaka aitseke n'kuitsegulanso. Foni ya pa desiki yodzera pa intaneti imatha kuimba bwinobwino koma osalira wina akaimba.

Pofuna kupewa zimenezi mapulogalamu amatumiza timaphukusi topanda uthenga pafupipafupi, kungoti rauta ione kuti mzere ukugwirabe ntchito. Pa pulogalamu ya WireGuard, imene imapanga njira yobisika pakati pa makompyuta awiri, zimenezi zimalembedwa mu mzere umodzi:

```
PersistentKeepalive = 25
```

Nambala 25 ndi masekondi, ndipo ili pansi pang'ono pa 30 kuti ifike msanga rauta zopupuluma zisanafufute. Foni ya m'manja nayonso imachita zofanana ndi zimenezi ili m'thumba, kuti uthenga ukabwera upeze njira yotseguka, ndipo kudzuka kulikonse kumadya pang'ono batire.

Pamene onse awiri ali mkati

Kuimbirana pa intaneti kumabweretsa funso lovuta kwambiri. Mayi ali ku Mzuzu, mwana wawo ali ku Johannesburg, ndipo aliyense ali kuseri kwa kaundula wake. Njira yachangu ndi yakuti mawu aziyenda mwachindunji kuchoka pa foni ina kupita pa inzake. Koma aliyense woyamba kutumiza ndi mlendo pa kaundula wa mnzake.

Akatswiri anapeza njira yochenjera. Poyamba foni iliyonse imafunsa seva ya kunja, kudzera mu dongosolo lotchedwa STUN, kuti iiuze adiresi ndi poti zimene ikuoneka nazo kunjako. Mafoni awiriwo amapatsana mayankhowo kudzera pa seva ya pulogalamu yoimbira, imene onse ali olumikizidwa nayo kale. Kenako onse awiri amayamba kutumizirana timaphukusi nthawi imodzi. Koyamba ka mayi katha kutayidwa ku Johannesburg, koma potuluka kalemba mzere m'kaundula wa ku Mzuzu. Ka mwana kakafika kamapeza mzerewo n'kulowa ngati yankho, ndipo nakonso potuluka kanalemba mzere kwawo. Njira yatseguka mbali zonse ziwiri.

Zimenezi zimatheka ngati rauta imasunga poti imodzi ya kunja posatengera kumene kaphukusi kakupita. Koma makina ena amapereka poti yatsopano pa malo atsopano alionse. Poti imene seva ya STUN inaona siikhalanso imene foni igwiritse ntchito polankhula ndi inzake, ndiye nambala imene anapatsana ija ndi yolakwika. Mbali zonse ziwiri zikakhala zotero, mawu amadzera pa seva yapakati, mu dongosolo lotchedwa TURN, imene imalandira kwa wina n'kupatsira mnzake. Kuimbirana kumathekabe, koma sevayo ikakhala kutali, mwachitsanzo ku Ulaya, mawu amayenda ulendo wautali ndipo anthu amayamba kudulana pakamwa chifukwa cha kuchedwa.

Osewera magemu amalidziwa vutoli ndi mayina ake a pa sikirini. Makina a Xbox amaonetsa `Open`, `Moderate` kapena `Strict`, pamene a PlayStation amalemba `Type 1`, `Type 2` kapena `Type 3`. Amene ali pa `Strict` kapena `Type 3` amavutika kulowa m'masewera a anzake ndi kumva mawu awo, ngakhale intaneti yake ikhale yothamanga bwanji.

Kusenza mlandu wa mnzako

Adiresi imodzi ikagawidwa kwa anthu ambiri, mapoti ake amagawidwanso. Pa mapoti 65,536 tikachotsa 1,024 oyambirira amene nthawi zambiri sagawidwa, amatsala 64,512. Kampani ikagawa adiresi imodzi kwa makasitomala 64 mofanana, aliyense amapeza mapoti 1,008. Kwa foni imodzi ndi okwanira. Koma kasitomala mmodzi atha kukhala sukulu yonse imene ili pa rauta imodzi, ndipo tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi ndi zotsatsa malonda limatsegula makambirano ambiri nthawi imodzi. Mapoti akatha, zimene zinatsegulidwa kale zimapitirira, koma zatsopano zimakana: kanema akuseweredwa bwinobwino pamene tsamba lina likutseguka theka, mapu ali ndi mabokosi opanda kanthu.

Mbiri nayonso imagawidwa. Masamba ambiri amaweruza alendo poyang'ana adiresi. Mmodzi mwa anthu ogawana adiresi akakhala ndi kompyuta yogwidwa ndi pulogalamu yoipa imene ikutumiza mauthenga achinyengo, onse amayamba kufunsidwa kuti asankhe zithunzi za mabasi ndi maloboti a pamsewu potsimikiza kuti ndi anthu, kapena amatsekeredwa kunja. Chitsanzo chotchuka cha kuopsa kwa adiresi yogawana chinachitika chaka cha 2007 chikuyamba, pamene Wikipedia inatseka kwa kanthawi adiresi imodzi chifukwa cha owononga nkhani, n'kupezeka kuti anthu ochuluka a ku Qatar ankatulukira pa adiresi yomweyo.

Apolisi nawonso amakumana ndi khoma lomweli. Banki ikapereka adiresi ya munthu amene anaba ndalama pa intaneti, kampani ya intaneti imatha kuyankha kuti pa ola limenelo adiresiyo inali ndi makasitomala mazanamazana. Kuti apeze mmodzi, pamafunika adiresi, poti ya wotumiza ndi nthawi yeniyeni mpaka pa sekondi, komanso kampaniyo ikhale itasunga kaundula wa tsikulo. Masamba ambiri salemba poti ya wotumiza. Mu 2017 bungwe la apolisi a ku Ulaya, Europol, linadandaula poyera za CGNAT pa chifukwa chimenechi. Kwa munthu wamba phunziro lake ndi lakuti adiresi payokha si umboni wokwanira woloza munthu.

Njira yopanda kaundula

Yankho lokhalitsa limene Egevang ndi Francis ankayembekezera linabwera. Dzina lake ndi IPv6, ndipo maadiresi ake ndi aatali kanayi kuposa a IPv4, moti nyumba imodzi imapatsidwa maadiresi ochuluka kuposa a IPv4 onse a padziko. Chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake yodziwika kunja, ndipo rauta imangopatsira timaphukusi osafufuta kanthu. Pa 6 Juni 2012 makampani akuluakulu monga Google ndi Facebook anayatsa IPv6 pa masamba awo mokhazikika.

Kusamuka kukuchedwa chifukwa madongosolo awiriwa samvana mwachindunji. Kuti IPv6 igwire ntchito, iyenera kukhalapo pa chipangizo, pa rauta, pa kampani ya intaneti ndi pa seva ya kumene munthu akupita. Pakasowa chimodzi, makambirano amabwerera ku IPv4 ndi kaundula wake. Makampani ambiri amaona kuti kugula makina a CGNAT n'kofulumira kuposa kukonzanso netiweki yonse, makamaka pamene makasitomala ambiri amangoonera makanema ndi kutumiza mauthenga, zimene NAT siisokoneza.

Kudziwa ngati munthu ali ndi IPv6 n'kosavuta. Pa zotsatira za `ipconfig` pamakhala mzere wa `IPv6 Address` wokhala ndi manambala ndi zilembo zolekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, woyamba ndi 2 kapena 3. Mzere woyamba ndi `fe80` ndi wa m'nyumba mokha, sutuluka kunja. Mwini shopu amene ali ndi IPv6 pashopu ndi pa foni yake, komanso bokosi la makamera loidziwa, atha kufika pa makamerawo mwachindunji ngakhale IPv4 yake ili kuseri kwa CGNAT. Marauta ambiri amabwera atatsekera alendo a pa IPv6, choncho adzafunikabe kulowa pa `Firewall` n'kulola poti 8000 ya bokosilo lokha, atasintha kaye mawu achinsinsi a ku fakitale.